Kutchingira vuto lisanafike: zimene makina a mufakitale amatha ndi pamene amalekezera

Nzimbe zikafinyidwa mufakitale ya shuga, kaya ndi ku Nchalo, ku Dwangwa kapena ku Nakambala m'dziko la Zambia, madzi ake satuluka oyera. Amakhala obiriwira, amatope, odzaza tizinyalala ndi timathovu ta mpweya. Asanapite kokaphikidwa kuti asanduke shuga, amawathira laimu ndi kuwatenthetsa mpaka apitirire pang'ono pamene amawira, kawirikawiri madigiri 103 mpaka 105. Akatero amawagwetsera m'thanki yokhala ndi potulukira nthunzi, momwe amabwata kamodzin'kamodzi, mpweya wonse n'kuthawa. Kuchoka apo amapita m'thanki yaikulu yoti akadikhe, matope atsike pansi, madzi oyera atsale pamwamba.

Madziwo akapanda kufika pa kutentha kumeneku sabwata, mpweya suchoka, ndipo tizinyalala timayandama m'malo motsika. Zotsatira zake zimakaonekera kutsogolo, pa mtundu wa shuga ndi pa mapaipi amene amatsekeka msanga. Akatentha mopyola muyeso, ndiye kuti fakitale ikuwononga nthunzi imene ikanagwira ntchito ina. Choncho pali nambala imodzi imene iyenera kusungidwa usana ndi usiku, pamene nzimbe zikulowa mosinthasintha, mwina zambiri, mwina zochepa, mwina kuima kumene.

Madziwa amatenthetsedwa m'hita yaikulu: iwo amayenda m'kati mwa mapaipi ang'onoang'ono ambirimbiri, nthunzi n'kumazungulira kunja kwa mapaipiwo. Njira yodziwika yosungira kutenthako ndi yoika choyezera potulukira madzi. Chikaona kuti azizira, makina owongolera amatsegula valavu ya nthunzi. Chikaona kuti atentha kwambiri, amaibweza. Akatswiri amati imeneyi ndi fidibaki. Ndi njira yodalirika, chifukwa safunsa kuti vuto lachokera kuti, imangokonza chimene yaona. Koma ili ndi chilema chobadwa nacho: singayambe ntchito mpaka zinthu zitalakwika kale. Pamene choyezera chikunena kuti madzi azizira, madzi ozizirawo amakhala atadutsa, ali pa ulendo wa ku thanki.

Wakabaza wodziwa ntchito sadikira kuti njinga iyambe kulemera. Akangoona chitunda patsogolo amayambiratu kupalasa mwamphamvu. Nzeru imeneyi ndiyo akatswiri amaitcha fidifowadi. M'malo moyeza zotsatira za vuto, timayeza chimene chikubweretsa vutolo, ndipo timachitapo kanthu nthawi yomweyo. Pa hita yathu chosokoneza chachikulu ndi kuchuluka kwa madzi olowa, ndipo mwayi wake n'ngwakuti chimayezeka: timangoika mita pa paipi yolowera. Mita ikanena kuti madzi achuluka, nthunzi imawonjezedwa pomwepo, kutentha kusanayambe n'kutsika komwe.

Funso ndi lakuti, iwonjezedwe yochuluka bwanji? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Fidibaki imaona yankho lake pa choyezera, koma fidifowadi ilibe poonera. Imadalira masamu amene munthu anaiuza, ofotokoza mmene hita imachitira zinthu. Masamu amenewa amatchedwa modelo, ndipo modelo ya hita ndi yosavuta:

```
W = F × c × (T2 − T1) / L
```

F ndi kuchuluka kwa madzi pa ola, T1 ndi kutentha kwake polowa, T2 ndi kutentha kumene tikufuna, c ndi mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi ya madziwo itenthe ndi digiri imodzi, ndipo L ndi mphamvu imene kilogalamu imodzi ya nthunzi imapereka ikamasanduka madzi. W ndi nthunzi yofunika.

Tiyeni tiike manambala. Si a fakitale ina iliyonse, ndi achitsanzo chabe, koma ali pa msinkhu wa zimene zimachitikadi. Tinene kuti madzi akulowa matani 200 pa ola ali pa madigiri 70, ndipo tikufuna atuluke ali pa 103. Ndiye kuti tikuwakweza ndi madigiri 33. Pa madzi a nzimbe c ili pafupifupi 3.8, ndipo L ya nthunzi yotere ili pafupifupi 2200. Mukawerengera mupeza kuti pakufunika nthunzi matani 11.4 pa ola.

Tsopano makina ofinya nzimbe athamanga, madzi akwera kufika matani 240. Nthunzi ikakhala yomwe ija, mphamvu yomweyo igawidwa pa madzi ambiri, ndipo m'malo mokwera ndi madigiri 33 angokwera ndi 27.5. Atuluka ali pa 97.5, sabwatanso. Vuto lathu tsono ndi la madigiri 5.5. Modelo ikuti pa matani 240 pakufunika nthunzi matani 13.68, kutanthauza kuti tiwonjezere 2.28. Tikawonjezeradi yeniyeniyo, pa nthawi yeniyeniyo, singano ya choyezera sigwedezeka n'komwe. Papepala vuto lafafanizika lonse.

Koma taonani mmene lafafanizikira. Chosokoneza chikukokera kutentha pansi ndi madigiri 5.5, ife tikukokera m'mwamba ndi madigiri 5.5, ndipo ziwirizi zikuthetsana. Palibe chimene chachoka. Pali mphamvu ziwiri zazikulu zimene zalingana. Chimodzi chikangoperewera pang'ono, kusiyana kwake kumaonekera poyera.

Tinene kuti makina apempha matani 2.28 owonjezera, koma valavu yangopereka magawo 80 pa 100 a zimenezo, pafupifupi matani 1.82. Bwererani ku masamu aja, mupeza kuti madzi atuluka ali pa 101.9. Zatsala ndi madigiri 1.1, amene ndi magawo 20 pa 100 a 5.5 uja. Modelo yalakwa ndi 20 peresenti, vuto latsala 20 peresenti. Ikalakwira mbali inayo, n'kupereka nthunzi yopitirira ndi 30 peresenti, madzi atuluka otentha mopitirira ndi madigiri 1.65. Lamulo lake ndi lomweli paliponse. Ngati k ndi kukonza kumene kwachitikadi titakugawa ndi kukonza kumene kumafunika, gawo la vuto limene latsala ndi ili:

```
zotsala = |1 − k|
```

Lamuloli lili ndi nkhani yabwino ndi yoipa. Yabwino ndi yakuti modelo siyenera kukhala yangwiro kuti ithandize. Yolakwa ndi 20 peresenti yachotsabe magawo anayi mwa asanu a vuto, ndipo fidibaki yatsala ndi kantchito ka digiri imodzi m'malo mwa zisanu ndi theka. Yoipa ndi yakuti kufafaniza sikungapose kudziwa kwanu. Amene akufuna kuti vuto litsike kakhumi ayenera kuidziwa hita yake mosaphonya ndi 10 peresenti. Amene akufuna litsike ka 100 ayenera kuidziwa mosaphonya ndi 1 peresenti, ndipo mufakitale, momwe mita yeniyeniyo imatha kuphonya ndi peresenti imodzi kapena ziwiri, zimenezo ndi maloto. Ndipo k ikafika pa 2, kutanthauza kuti mwakonza kawiri kuposa zofunika, madzi atuluka ali pa 108.5: vuto ndi lalikulu ngati kale, langotembenuka. Kupitirira apo, makina amene munagula kuti athandize ndiwo akuwononga.

Wina angafunse kuti modelo ingalakwe bwanji chotere, poti masamu ake ndi a kusekondale. Masamuwo salakwa, chimasintha ndi hita. M'kati mwa mapaipi mumamera zokakamira zolimba zochokera m'madzi a nzimbe, n'chifukwa chake mafakitale amatsuka mahita kawirikawiri. Hita yotsukidwa dzulo imameza nthunzi mosavuta, yakuda imaikana. Nthunzi nayonso nthawi zambiri imachokera ku makina ena ophikira madzi omwewa, ndipo mphamvu yake imakwera n'kutsika malinga ndi zimene zikuchitika kumeneko. Choncho valavu yomweyo, itatsegulidwa mofanana, lero ilowetsa nthunzi yambiri, sabata yamawa yochepa. Palinso kena kamene kamapusitsa ambiri: madzi ozizira akachuluka m'mapaipi, nthunzi imasanduka madzi mofulumira, ndipo hita imadzikokera yokha nthunzi ina kudzera pa valavu yosasunthayo. Amene anawerengera ngati kuti nthunzi siisintha yokha adzapezeka kuti wawonjezera mopitirira.

Apa pali msampha umene ndimafuna aliyense wotchera makinawa aziudziwa. Tinene kuti mphamvu ya valavu pa hita imayenda pakati pa 1.3 tsiku lotsuka ndi 0.7 tsiku lomaliza isanatsukidwenso. Katswiri akabwera pa tsiku limene hita ili yakuda, n'kutchera fidifowadi mpaka singano itaima nji, adzachoka aliyense akumuyamikira. Hita ikangotsukidwa, k idzakhala 1.3 kugawa ndi 0.7, pafupifupi 1.86. Vuto lotsala ndi 86 peresenti, mbali yotentha. Akadatchera tsiku lotsuka, choipitsitsa chikanakhala 0.7 kugawa ndi 1.3, pafupifupi 0.54, vuto lotsala 46 peresenti. Akadatchera pakati, sakanapitirira 30 peresenti mbali iliyonse. Manambalawa akusonyeza chifukwa chimene anthu odziwa ntchitoyi amakonda kupereweza dala kusiyana ndi kupitiriza. Kukonza kopereweza, ngakhale kuperewere chotani, kumachotsako kenakake. Kukonza kopitirira kukhoza kuipitsa zinthu kuposa kusakonza.

Mankhwala a zambiri mwa izi alipo, ndipo ndi anzeru. M'malo moti fidifowadi izilamula valavu kuti tseguka chakuti, amaika mita pa paipi ya nthunzi pamodzi ndi kachowongolera kake kakang'ono kofulumira. Fidifowadi imangonena kuti ndikufuna matani 13.68, ndipo kachowongolerako kamasuntha valavu mpaka mita itawerengadi 13.68. Kusintha kwa mphamvu ya nthunzi ndi kuda kwa mapaipi kumamezedwa mmenemo. Zolakwa zimatsalabe: mita zonse ziwiri zimaphonya, nthunzi ina imabwera yonyowa, c imasintha malinga ndi kuchuluka kwa shuga m'madzimo. Koma izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi zija. Chimene palibe angachithetse ndi valavu imene yatseguka kale mpaka pamapeto. Hita ikada mpaka kufika apo, masamu alibenso chonena, pakufunika anthu otsuka.

Mpaka pano takamba za kukula kwa kukonza. Mbali yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yovuta kwenikweni, ndi nthawi.

Madzi akachuluka, kutentha kwa potulukira kumayamba kutsika pafupifupi nthawi yomweyo, chifukwa dontho lililonse likudutsa m'mapaipi mothamanga. Nthunzi siifulumira chotero. Valavu iyenera kusuntha, nthunzi idzaze m'hita, chitsulo cha mapaipi chitenthe, kenaka madzi alandire. Tinene kuti zonsezi zikuchedwa ndi masekondi 20 poyerekeza ndi vutolo. Ngati madzi akwera kamodzi n'kukhala pomwepo, muona kutentha kukutsika kwa kanthawi, kenaka n'kubwerera. Si zoopsa kwenikweni. Koma madzi a mufakitale sakhala phee. Amakwera n'kutsika ngati mafunde, malinga ndi mmene nzimbe zikulowera ndi mmene pampu ikutsatira mlingo wa m'thanki. Pa mafunde otere, ngakhale kukula kwa kukonza kuli kolondola kotheratu, kuchedwa kwa masekondi d pa funde lotenga masekondi P kumasiya gawo ili:

```
zotsala = 2 × sin(180° × d / P)
```

Funde likamatenga mphindi 30 kuti likwere, litsike ndi kubwerera, masekondi 20 aja amangosiya 7 peresenti ya vuto. Likamatenga mphindi 6, amasiya 35 peresenti. Likamatenga mphindi 2, amasiya vuto lonse, ngati kuti fidifowadi kulibe. Ndipo likamatenga masekondi 40, nthunzi yowonjezera imafika pamene madzi achepa, yochepa n'kufika pamene madzi achuluka, motero kugwedezeka kwa kutentha kumakhala kuwirikiza kawiri. Makina ndi omwewo, modelo ndi yomweyo, kuchedwa ndi komweko. Chasintha ndi liwiro la chosokoneza basi. Malire ake ndi osavuta kukumbukira: kuchedwa kukafika gawo limodzi mwa magawo 6 a funde, phindu latha.

Akatswiri amalimbana ndi zimenezi m'njira zingapo. Ngati nthunzi ikungochita ulesi, amaika m'makina kachigawo kamene kamakankha mopitirira poyamba, kenaka n'kubwerera pa mlingo woyenera, kuti chitsulo chitenthe msanga. Zimathandiza, koma walira mvula walira matope: kachigawo komweko kamakulitsanso kanjenjemera kalikonse ka mita, valavu n'kumangovina tsiku lonse mpaka kutha. Mukasefa uthenga wa mita kuti ukhale wosalala, kusefako kumabweretsanso kuchedwa kumene mumathawa. Ndipo ngati kuchedwako ndi kwenikweni, koti nthunzi singafike m'masekondi 20 oyamba zivute zitani, palibe masamu angakuchotse, chifukwa pangafunike kuti makina adziwe za mawa. Zotsala ndi ziwiri. Mukhoza kukayezera chosokonezacho kumbuyo, monga kutenga lamulo limene likupita ku pampu m'malo modikira mita, kuti uthenga ufike msanga. Kapena mukhoza kuchiweta chosokonezacho, kulola mlingo wa m'thanki uzikwera ndi kutsika momasuka kuti pampu isamagwedeze madzi. Njira yachiwiriyi anthu amainyoza chifukwa ndi yosaoneka zaukatswiri, koma nthawi zambiri ndiyo imapindula kwambiri, popeza imasandutsa funde la mphindi 2 kukhala la mphindi 30.

Vuto lolinganiza zinthu ziwiri zazikulu kuti zithetsane si la mafakitale a shuga okha, ndipo si latsopano. M'chaka cha 1923 injiniya wina wa ku Amereka, Harold Black, amene ankagwira ntchito pa makina okweza mawu a telefoni za mtunda wautali, anapeza njira yotere. Ankapatula kupotoka kumene makinawo ankabweretsa m'mawu, n'kukukweza ndi makina achiwiri, kenaka n'kukuchotsera pa mawu otuluka. Njirayo inagwira, koma inkafuna kuti makina awiriwo akhale olingana ndendende, ndipo iye mwini anadzafotokoza kuti pankafunika munthu wosintha magetsi ake ola lililonse, usana ndi usiku. Mu Ogasiti 1927, ali pa boti lowoloka mtsinje wa Hudson popita ku ntchito ku New York, analemba panyuzipepala njira ina, ya fidibaki, imene siidalira kulingana kotero, ndipo ndiyo inafalikira m'makina a telefoni ndi wailesi.

N'chifukwa chake mufakitale yoyenda bwino simupeza fidifowadi ili yokha. Iyo siiona zotsatira za ntchito yake. Ikaphonya ndi digiri imodzi, idzaphonyabe mpaka wina ataikonza. Siionanso chosokoneza chimene sichinayezedwe. Ngati palibe choyezera T1, madzi n'kubwera ozizira chifukwa hita yoyamba yazimitsidwa, iyo ilibe chimene ikudziwa. Ntchito imagawidwa chonchi: fidifowadi imanyamula katundu wamkulu mofulumira, fidibaki imatolera zotsala pang'onopang'ono mpaka nambala itabwerera pa 103. Ubwino wina ndi wakuti, malinga ngati nthunzi siibwerera kukasintha kuchuluka kwa madzi olowa, fidifowadi singachititse makina kuyamba kugwedezeka okha mosalekeza monga imachitira fidibaki yotcheredwa mwaukali. Ikalakwa imangopereka zotsatira zoipa, ndipo ichi n'chimene chimachititsa kuti kulakwa kwake kubisike kwa miyezi, fidibaki ikuiphimbira.

Nanga munthu angadziwe bwanji? Modelo imayezedwa, siiganiziridwa. Fidibaki amaiimitsa kaye, n'kuwonjezera nthunzi pang'ono, n'kulemba zinthu zitatu: kutentha kwasintha ndi madigiri angati, kwayamba patapita masekondi angati, ndipo kwatenga nthawi yotani kuti kukhazikike. Amachitanso chimodzimodzi posintha madzi olowa. Kuyesaku kumafunika pamene fakitale ikuthamanga ndi pamene ikuyenda pang'onopang'ono, hita itangotsukidwa ndi pamene yada. Kusiyana kwa mayankho amenewa ndiko kumakuuzani malire enieni a zimene mungayembekezere.

Makina akayamba kugwira ntchito, mizere ya pa sikirini imaulula yokha. Musayang'ane kutentha kokha, yang'anani zimene fidibaki ikuchita madzi akangosintha. Ngati nthawi iliyonse imene madzi akwera fidibaki imawonjezeranso nthunzi n'kukhala pomwepo, fidifowadi ikupereweza. Ngati imabweza nthunzi, ikupitiriza. Ngati kutentha kwatsika kaye n'kubwerera, fidibaki n'kudzathera pamene inali poyamba, kukula kuli bwino koma nthunzi ikuchedwa. Ngati madzi akwera koma kutentha n'kuyamba ndi kukwera, nthunzi ikufika msanga, ndipo iyenera kuchedwetsedwa dala. Yambani ndi kukula, nthawi pambuyo. Mukasintha zonse ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Inu amene mukuphunzira za makina ndi magetsi m'makoleji athu, ndi inu amene mumayang'anira makina otere m'mafakitale a shuga, tiyi, simenti kapena m'malo oyeretsera madzi akumwa momwe mankhwala amathiridwa molingana ndi kuchuluka kwa madzi: wina akadzakuuzani kuti makina ake amachotsa chisokonezo chonse, mufunseni kuti modelo yake anaiyeza tsiku liti, makina ali otani, ndipo kukonza kwake kumachedwa ndi masekondi angati. Akalephera kuyankha ndi manambala, musazimitse fidibaki, ndipo fidifowadi yakeyo muitchere mopereweza mpaka mutayeza nokha.